Pamsonkhano wa malikisi a ogwira ntchito, yesani kaye sikelo za mabwana

Mlimi aliyense amene anagulitsapo soya kapena mtedza kwa mavenda amadziwa kuti thumba limodzi lomwelo limatha kulemera makilogalamu 50 pa sikelo ya uyu, n'kukalemera 46 pa sikelo ya winayo. Anthu a ku Malawi Bureau of Standards akabwera kudzaona za nkhaniyi, satsegula thumba la mlimi. Amabwera ndi zitsulo zomwe kulemera kwake n'kodziwika kale, n'kuziika pa sikelo iliyonse kuti aone ngati ikunena zoona. Ndayamba ndi chithunzi chimenechi chifukwa ndicho chimandibwerera nthawi zonse ndikaganiza za msonkhano umene makampani ndi mabungwe ambiri amachita kumapeto kwa chaka, pamene mamanejala amakhala pamodzi kuyerekezera malikisi omwe apereka kwa anthu awo. M'maofesi amautcha kalibureshoni, ndipo mawuwo anachokera kwa anthu okonza sikelo ndi zipangizo zina zoyezera. Tanthauzo lake ndi kukonza choyezera kuti chigwirizane ndi muyezo umodzi. Ganizo langa n'lakuti msonkhanowu ndi wofunika, ndipo bungwe lomwe limapereka bonasi kapena kukweza anthu potengera malikisi siliyenera kuusiya. Koma umakhala wachilungamo pokhapokha ngati choyesedwa choyamba ndi sikelo ya bwana aliyense. Ukasanduka malo odulirapo anthu kuti akwane mu ndalama zomwe zilipo, umawononga kuposa kusakhalapo kwake.

Kuti sikelo za mabwana zimasiyana, si nkhani yongoganizira. M'chaka cha 2000, ofufuza atatu, Scullen, Mount ndi Goff, anaunika malikisi a mamanejala 4,492 omwe aliyense anayesedwa ndi akuluakulu ake, anzake komanso anthu omwe ankawayang'anira. Anapeza kuti kuposa theka la kusiyana kwa malikisiwo kunkachokera kwa wopereka malikisi, kaonedwe kake ka zinthu ndi chizolowezi chake, pamene kagwiridwe kenikeni ka ntchito ka munthu woyesedwayo kankabweretsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, mwinanso kucheperapo. Kunena mwachidule, fomu imene mumasainira mu Disembala imafotokoza zambiri za bwana wanu kuposa za inu. Bwana wina ndi wa dzanja lopepuka, safuna kukhumudwitsa munthu. Wina amakhulupirira kuti malikisi apamwamba ndi a angelo okha. Winanso amaopa mafunso, choncho amaika aliyense pakati. Atatu onsewa akhoza kukhala anthu oona mtima ndithu, koma anthu awo sakulandira zofanana.

Tiyeni tiyerekeze bungwe lobwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono ndi alimi, lomwe lili ndi nthambi zitatu, ku Limbe, ku Kasungu ndi ku Mzuzu. Chitsanzochi ndachipanga kuti nkhani imveke, koma aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wotere azindikira kayendedwe kake. Malikisi amayambira pa 1 kufika pa 5. Wopeza 5 amalandira bonasi ya malipiro a miyezi iwiri, wa 4 mwezi umodzi, wa 3 theka la mwezi, ndipo wa 2 salandira kanthu, m'malo mwake amapatsidwa kalata yomuchenjeza kuti akonze kagwiridwe kake ka ntchito. Ngati ofisala wa ngongole amalandira K600,000 pamwezi, kusiyana kwa 3 ndi 4 ndi K300,000. Imeneyo ndi fizi ya mwana, kapena matumba angapo a feteleza a kumudzi.

Mafomu afika ku likulu. Manejala wa ku Limbe ali ndi maofisala 12: anayi wawapatsa 5, asanu ndi mmodzi wawapatsa 4, awiri wawapatsa 3. Tikagawa mofanana, nthambi yake ili pa 4.2. Wa ku Kasungu ali ndi anthu 10: mmodzi yekha wapeza 4, asanu ndi awiri apeza 3, awiri apeza 2, zomwe zikupereka 2.9. Wa ku Mzuzu ali ndi anthu 8 ndipo onse wawapatsa 3.

Apa ndi pomwe misonkhano yambiri imasocherera, ndipo imasochera m'mphindi zisanu zoyambirira. Mkulu woona za ogwira ntchito amaonetsa ziwerengerozi pakhoma, n'kunena kuti a ku Limbe achulutsa, atsitseko anthu anayi. Chigamulo chaperekedwa mlandu usanamveke. Ziwerengero zitatuzi sizikutiuza kuti ndani walakwa. N'kutheka kuti manejala wa ku Limbe ndi wofewa mtima. N'kuthekanso kuti nthambi yake ilidi ndi anthu odziwa ntchito, omwe akhalapo zaka zambiri, ndipo chaka chino achita bwino kwambiri. Kusiyana kwa 4.2 ndi 2.9 kukungotipatsa chifukwa chofunsira mafunso, basi.

Ndiye poyambira pabwino ndi pati? Ine ndimati msonkhano uyambe popanda dzina la munthu aliyense wa chaka chino. Wotsogolera atenge mafayilo atatu a zaka za m'mbuyo, afufute mayina ndi nthambi, asiye matageti, zotsatira ndi ndemanga zokha. Manejala aliyense awerenge payekha, alembe malikisi ake papepala, ndipo mapepala atembenuzidwe nthawi imodzi. Izi n'zomwe aphunzitsi ochonga mayeso a MANEB amazidziwa bwino: asanagawane mitolo ya mapepala, amayamba achonga kaye mapepala ofanana n'kukambirana mpaka atamvana kuti yankho lotere ndi la malikisi angati. Mafayilo atatu aja ndiwo zitsulo zoyesera sikelo. Ngati fayilo imodzi yomweyo wa ku Limbe waipatsa 5, wa ku Kasungu 3, wa ku Mzuzu 3, ndiye kuti tadziwa kanthu kena komwe sitikanadziwa poyang'ana ziwerengero za nthambi zokha, ndipo tadziwa popanda kukhudza bonasi ya munthu. Manejala savutika kuvomera kuti dzanja lake n'lopepuka pamene akukamba za fayilo yopanda dzina. Akamateteza mwana wa m'nthambi yake, zimenezo sangavomere.

Kukambirana kwa pamenepa ndiko kumabala mawu omwe msonkhano wonse udalire. Zomwe zimalembedwa pa mafomu ambiri, monga "wachita zoyembekezeka" kapena "wapitirira zoyembekezeka", sizithandiza mpaka wina atafunsa kuti zoyembekezeka za ofisala wa ngongole n'ziti. Mamanejala atatuwa ayenera kutuluka mu gawo limeneli atagwirizana, mwachitsanzo, kuti 3 ndi munthu amene wakwanitsa chiwerengero cha makasitomala chomwe anapatsidwa, ngongole zochedwa kubwezedwa zili mkati mwa malire, ndipo mafayilo ake sanapezeke ndi vuto pamene owerengera mabuku anabwera. Kuti 4 ndi amene wachita zonsezo n'kuwonjezerapo chinthu choonekeratu, monga kukonza gulu la ngongole lomwe linali litaonongeka kapena kuphunzitsa anzake atsopano mpaka atayima paokha. Ndipo agwirizanenso kuti 3 si chitonzo. M'mabungwe ambiri 3 anasanduka mawu oti walephera mwaulemu, n'chifukwa chake mabwana achifundo amamuthawa.

Tsopano tifike pa anthu enieni. Anthu ndi 30. Msonkhano ukakhala wa maola awiri, aliyense apeza mphindi zinayi, zomwe sizikwanira ngakhale kuwerenga fomu yake bwinobwino. N'chifukwa chake sindiona nzeru yokambirana aliyense motsatira mayina. Nthawi ipite kwa onse omwe apatsidwa 5, onse omwe apatsidwa 2 kapena 1, ndi omwe ali pamalire, amene bwana wawo akunena yekha kuti anakayikira pakati pa 3 ndi 4. Mu chitsanzo chathu amenewa angakhale anthu khumi kapena khumi ndi awiri. Enawo ayang'anidwenso pamapeto, sikelo zitakonzedwa.

Titenge awiri. Ku Kasungu kuli mayi wina amene wapatsidwa 2. Ku Limbe kuli mnyamata amene wapatsidwa 5. Bungwe limafuna kuti ngongole zomwe zapitirira masiku 30 osabwezedwa zisapose K5 pa K100 iliyonse yomwe ofisala akuyang'anira. Mayi uja watseka chaka ali pa K7, ndiye kuti tageti waiphonya. Mnyamatayo watseka ali pa K4, waikwanitsa. Papepala palibe chokambirana.

Koma wotsogolera wabwino amafunsa funso limodzi kwa mamanejala onse awiri: munthuyu anayamba chaka ali pati? Apa zimadziwika kuti mayi uja analandira makasitomala 320 mu Febuluwale kuchokera kwa ofisala amene anachoka, ngongole zochedwa zili pa K14 pa K100 iliyonse. Makasitomala ake ambiri ndi alimi a kumidzi yakutali, omwe ndalama amaziona kamodzi pachaka akakolola, ndipo kuti awafikire amayenda pa njinga yamoto m'misewu yafumbi. Watsitsa 14 kufika pa 7 m'miyezi khumi. Mnyamata wa ku Limbe anayamba chaka ali pa K3 ndi makasitomala 280, ambiri a iwo amalonda a mumsika omwe amagwira ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo onse ali pamtunda woyenda wapansi kuchokera ku ofesi. Wakwera pang'ono kufika pa K4. Funso lachiwiri n'lakuti: pa ngongole zimenezi, ndi zingati zomwe zinasinthidwa masiku obwezera chaka chisanathe? Anthu a ntchito imeneyi amadziwa kuti ngongole yochedwa ukaipatsa ndondomeko yatsopano, imachoka pamndandanda wa zochedwa ngakhale kasitomala sanabweze tambala. Tinene kuti kwa mnyamatayu zapezeka ngongole zisanu ndi zitatu zomwe zinasinthidwa mu Novembala. Sizikutanthauza kuti anachita zachinyengo, chifukwa nthawi zina kusintha koteroko kumakhala koyenera, koma zikutanthauza kuti K4 wakeyo sali woyera monga amaonekera.

Msonkhano woyenda bwino ukhoza kumukweza mayi uja kuchoka pa 2 kufika pa 4, chifukwa ngakhale tageti anaiphonya, wachita chimodzi mwa zinthu zomwe anagwirizana poyamba paja kuti ndizo 4, chomwe ndi kukonza gulu la ngongole lomwe linali litaonongeka. Mnyamatayo akhoza kutsika kufika pa 4 kapena 3, malinga ndi zomwe zipezeke pa ngongole zisanu ndi zitatu zija. Chimene ndikufuna muone n'chakuti palibe amene anafunika kumudziwa mayiyu kapena mnyamatayu kuti afike pa chigamulochi. Anafunika kufunsa mafunso ofanana kwa mabwana onse, ndi kupempha mapepala. Ndipo mayi uja sanangopulumutsidwa bonasi yokha. Kalata yochenjeza ikanalowa mu fayilo yake, chaka chamawa ikanakhala umboni woyamba womuchotsera ntchito.

Wa ku Mzuzu, amene anapatsa onse 3, ndiye amavuta kwambiri, ngakhale kuti pamsonkhano saoneka ngati vuto chifukwa ziwerengero zake sizidabwitsa aliyense. Anthu asanu ndi atatu kugwira ntchito mofanana ndendende chaka chonse n'chinthu chosowa. Kawirikawiri zikatero ndiye kuti bwanayo sanalembe kalikonse m'kati mwa chaka, ndipo pofika Disembala alibe poyambira kusiyanitsa anthu ake. Njira yomuthandizira ndi kumupempha kuti atchule amene angamusiyire nthambi atapita ku tchuthi, ndi amene mafayilo ake amayenera kuwaonanso kawiri, kenako apereke zifukwa zake. Akayankha mosazengereza, ndiye kuti anthu ake amawadziwa, chinamusowa ndi kulimba mtima kolemba. Akalephera, msonkhano usamuthandize kupeka malikisi. Abwerere akaone mabuku, ndipo nkhaniyi ilowe pa fomu yake ya iye mwini.

Ndikudziwa zimene mkulu wa zachuma anganene pano, ndipo sindikumuona ngati mdani. Iye amati ndalama za bonasi zili ndi malire, ndipo aliyense akapeza 4 thumba liphulika. Pofuna kuthana ndi zimenezi mabungwe ambiri amalamuliratu kuti anthu opeza 5 asapose chiwerengero chakuti, ndipo pansi payenera kupezeka anthu angapo, afune asafune. Njira imeneyi inatchuka ndi kampani ya General Electric ya ku Amereka pa nthawi ya Jack Welch, amene anaitsogolera kuyambira 1981 mpaka 2001. Kumeneko anthu ankagawidwa patatu: 20 pa 100 alionse apamwamba, 70 apakati, ndi 10 apansi omwe ankayembekezeka kuchoka. Makampani ambiri anatengera. Microsoft inagwiritsa ntchito njira yofanana nayo kwa zaka zambiri, n'kuisiya mu Novembala 2013, anthu atadandaula kwa nthawi yaitali kuti ogwira ntchito ankapikisana okhaokha m'malo mothandizana. General Electric yomweyo nayonso inadzaisiya.

Vuto la njirayi limaoneka msanga pa magulu ang'onoang'ono. Pa anthu zikwi khumi, n'zomveka kuyembekezera kuti ena akhala pamwamba, ambiri pakati, ena pansi. Pa anthu asanu ndi atatu a ku Mzuzu palibe lamulo la masamu lomwe limanena kuti mmodzi ayenera kukhala wolephera. Mukakakamiza, mumalanga manejala amene analemba anthu abwino ndi kuwaphunzitsa bwino, pamene amene anasunga munthu waulesi chaka chonse amakhala ndi womupereka nsembe wokonzeka kale. Ndamvapo mamanejala akunena poyera kuti munthu wofooka usamuchotse mu Juni, umusunge kuti adzadzaze malo apansi mu Disembala. Bungwe likafika pamenepo, malikisi ake sakuyezanso ntchito.

Nkhawa ya mkulu wa zachuma ili ndi yankho lina, losavuta. Malikisi akhazikitsidwe kaye, kenako ndalama zigawidwe. Ngati malikisi oona akufuna K20 miliyoni koma bungwe lili ndi K15 miliyoni, aliyense alandire magawo atatu mwa magawo anayi a bonasi yomwe amayenera kulandira, ndipo auzidwe chilungamo kuti chaka chino thumba lachepa. Munthu akhoza kudandaula, koma amvetsa. Chomwe sangakhululuke ndi kuuzidwa kuti ntchito yake inali yapakatikati pamene aliyense akudziwa kuti chinachepa ndi ndalama. Bonasi imatha mu Januwale, koma nambala ya pa fomu imakhala mu fayilo, ndipo idzawerengedwa pa tsiku losankha wokwezedwa, wopita ku maphunziro, kapena woyamba kuchotsedwa ntchito zikadzachepa. N'chifukwa chake ndimati mkulu wa zachuma asakhale nawo mu chipinda chimenechi, ndipo chiwerengero cha ndalama za bonasi chisatchulidwe mpaka msonkhano utatha.

Pali chotsutsa china chimene ndimachilemekeza kwambiri. Wina anganene kuti bwana amene wakhala ndi munthu chaka chonse ndiye amamudziwa, nanga manejala wa ku Mzuzu, amene mwina anangomuonapo kamodzi pa maphunziro a ku likulu, akhala bwanji ndi mawu pa malikisi ake? Ngoziyo ilipodi. Ndi pamisonkhano yotereyi pomwe mumamva wina akuti, "Uja ndinamuonapo, amaoneka wodzimva," ndipo mawu amodzi amenewo amagwetsa munthu amene wagwira ntchito miyezi khumi ndi iwiri. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Lamulo liyenera kukhala lolimba: manejala wa nthambi ina ali ndi ufulu wofunsa mafunso ndi woyerekezera umboni ndi muyezo womwe anagwirizana, koma akafuna kupereka ndemanga yake pa munthuyo, atchule tsiku, ntchito yake ndi zomwe zinachitika. Za m'kholido, za ku maliro, za pa gulu la pa foni, zisalowe.

Vuto lina ndi la ife eni, momwe tinaleredwera. Wamkulu akayamba kulankhula, aang'ono satsutsa. Mkulu wa bungwe akangoti, "Koma mnyamata wa ku Limbe uja ndimamudziwa, ndi wakhama," nkhani ya ngongole zisanu ndi zitatu ija yafera pomwepo, chifukwa palibe manejala wa nthambi amene angayankhe kuti, "Pepani bwana, mapepala sakutero." Ulemu umenewu ndi wabwino pamalo pake, koma mu chipinda chimenechi umadyetsa anthu osalakwa. Njira yake ndi yomwe ndatchula kale, yolemba papepala aliyense asanalankhule, komanso kuti wamkulu kwambiri azilankhula pomaliza. Ndipo wotsogolera msonkhano akhale munthu wopanda anthu ake pamndandandawo.

Palinso malonda a mseri. Mamanejala awiri amakumana pa tiyi n'kumvana kuti usandivute pa wanga uyu, nanenso sindikuvuta pa wako uja. Kapena manejala wochenjera amabwera atakweza dala anthu ake onse ndi sitepe imodzi, podziwa kuti msonkhano udula, kuti akadulidwa agwere pomwe amafuna. Amene amavulala ndi anthu a bwana wofatsa, wosadziwa kukangana, amene anabwera ndi malikisi oona. Amavulalanso ndi omwe ntchito yawo sioneka: wa ku nthambi yakutali amene akuluakulu sadziwa nkhope yake, ndi mayi amene anapita ku tchuthi cha uchembere. Lamulo la ntchito la dziko lino la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi masabata osachepera asanu ndi atatu a tchuthi chimenechi, ndipo kusakhalapo kwake si kulephera ntchito. Tageti yake iyenera kuchepetsedwa molingana ndi miyezi yomwe anagwira. Koma mukapanda kusamala, pamsonkhano wina amangoti "chaka chino sanaonekeonekere," ndipo 4 amasanduka 3.

Kodi mungadziwe bwanji kuti msonkhano wa kwanu ndi wowola? Pali zizindikiro zomwe sizifuna katswiri. Choyamba, yerekezani malikisi omwe analowa ndi omwe anatuluka. Ngati chaka ndi chaka kusintha konse kumapita pansi, osapezeka ndi mmodzi yemwe amene anakwezedwa, ndiye kuti chikuchitika ndi kudula ndalama, chifukwa sizingatheke kuti bungwe lonse likhale lopanda bwana wouma dzanja ngati wa ku Kasungu uja. Chachiwiri, onani ngati chiwerengero cha opeza 5 chimangofanana ndendende chaka chilichonse, kaya malonda anayenda bwino kaya ayi. Chachitatu, ndipo ichi ndi cha ofesi yoona za ogwira ntchito, werengani omwe anatsitsidwa: amayi ndi angati, a nthambi zakutali ndi angati, a bwana uti ndi angati. Ngati mwa anthu asanu ndi mmodzi otsitsidwa asanu ndi amayi, sizitsimikizira kuti pali tsankho, koma mafayilo asanuwo ayenera kutsegulidwanso malikisi asanalengezedwe.

Chizindikiro chomwe chimandipweteka kwambiri chimamveka msonkhano utatha, pamene bwana waitana munthu wake n'kumuuza kuti, "Ine ndinakupatsani 4, koma akuluakulu kumtundaku atsitsa." Mawu amenewa amaoneka achifundo koma amawononga zinthu ziwiri nthawi imodzi. Wogwira ntchito amatuluka osadziwa chimene ayenera kukonza, ndipo amaphunzira kuti tsogolo lake limagamulidwa ndi anthu osaoneka m'chipinda chotseka. Gwero lake nthawi zambiri ndi kulakwitsa ndondomeko: bwana anamuonetsa munthuyo malikisi, mwinanso anasainirana, msonkhano usanachitike. Zoyenera n'zakuti wogwira ntchito alembe kaye mbali yake, akambirane ndi bwana wake za ntchito yomwe wagwira popanda kutchula nambala, msonkhano uchitike, kenako nambala iperekedwe kamodzi. Ndipo manejala amene sanagwirizane ndi chigamulo anene mu msonkhano momwemo, zilembedwe, osati kukadandaulira munthu amene alibe mphamvu yosintha kanthu.

Kulemba kumeneku ndi mbali yomwe ambiri amaiona ngati yotopetsa. Pa malikisi alionse omwe asinthidwa payenera kukhala mizere iwiri kapena itatu yonena kuti anali angati, afika pa angati, ndipo umboni wake ndi uti. Kwa mayi wa ku Kasungu zingalembedwe kuti: kuchoka pa 2 kufika pa 4, analandira ngongole zochedwa zili pa 14, watseka pa 7, makasitomala 320 a kumidzi. Mizere imeneyi imathandiza bwana kufotokoza, komanso imadzakhala chitsulo choyesera sikelo chaka chamawa. Ilinso ndi ntchito ina. Gawo 57 la lamulo la ntchito lija limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zofunika pa kayendetsedwe ka ntchito, ndipo pa nkhani za luso ndi khalidwe ayenera kupatsidwa mwayi woyankhapo. Bungwe likadzafika ku khoti loona za milandu ya pantchito litanyamula fomu yokhala ndi 3 wofufutidwa ndi 2 wolembedwa pamwamba pake, popanda chifukwa chilichonse, lidzavutika kufotokoza kuti 2 ameneyo anachokera kuti.

Sindikunena kuti msonkhanowu ungakonze chilichonse. Ngati matageti a mu Januwale anali osalingana, monga kupatsa wa kumidzi ndi wa mumsika chiwerengero chimodzi, msonkhano wa mu Disembala ungangochepetsa ululu. Mankhwala ake ndi kuti mamanejala omwewa akhalenso pamodzi kumayambiriro kwa chaka n'kuyerekezera matageti asanawapereke, zomwe mabungwe ochepa okha amachita. Komanso n'kulakwa kuika pamuyezo umodzi ntchito zosiyana. Ofisala wa ngongole ayerekezedwe ndi ofisala mnzake wa giredi yomweyo, wowerengera ndalama ndi mnzake. Kuika dalaivala ndi mkulu wa nthambi pamndandanda umodzi n'kumakangana kuti wa 5 ndani kumangopatsa mwayi amene ntchito yake ili pafupi ndi maso a akuluakulu.

Chomaliza chomwe ndingapemphe kwa bungwe lililonse lochita msonkhanowu ndi khomo lobwererapo. Wogwira ntchito sakhalapo pamene akumukamba, ndipo ndikuvomereza kuti sangakhalepo, chifukwa mu chipindamo mumatchulidwanso za anzake. Koma auzidwe kuti msonkhano wotere umachitika, adziwe maudindo a anthu omwe amakhalapo, aonetsedwe mizere itatu ija ngati malikisi ake anasinthidwa, ndipo apatsidwe masiku odziwika, kaya khumi kaya khumi ndi anayi, oti abweretse umboni womwe sunaonedwe. Womvera dandaulo lake akhale munthu amene sanali mu msonkhanowo. Mnyamata wa ku Limbe uja mwina ali ndi makalata osonyeza kuti ngongole zisanu ndi zitatu zija anazisintha molamulidwa ndi likulu, mashopu a makasitomala akewo atapsa ndi moto. Ngati ali nawo, 5 wake abwezedwe, ndipo bonasi yake ilipidwe limodzi ndi ya anzake.